Theka la mita limene silifuna kuchoka

Mlimi ali ndi munda wa mbali zinayi, m'lifupi mamita 10, m'litali mamita 11. Akufuna kusinthana ndi mnzake, koma wanenetsa kuti munda umene alandire ukhale wa sikweya, mbali zonse zofanana, ndipo kukula kwake kusasiyane ndi kwa munda wakewo. Woyeza malo sachedwa nazo. Achulukitsa 10 ndi 11 napeza 110, ndiye mbali ya munda watsopanowo ndi sikweya rutu ya 110, kutanthauza nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe ibala 110. Nambalayo ndi 10.488. Mbali yatsopanoyo yaposa m'lifupi wa munda wakale ndi mamita 0.488.

Tsopano munda ukule. Ukakhala wa mamita 100 ndi 101, sikweya rutu ya 10,100 ndi 100.4988, ndipo kapamwamba kaja ndi 0.4988. Ukakhala wa mamita 1,000 ndi 1,001, kapamwambako ndi 0.4999. Munda watambasuka kuchoka pa kadimba mpaka kufika pa esiteti, koma kapamwambako sikanathe ndipo sikanakulenso mopitirira. Kakungosendera ku theka la mita.

M'chilankhulo cha masamu, m'lifupi muja amamutcha x, ndipo funso lonselo limalembedwa motere:

√(x² + x) − x

Chimene akufunsa n'chakuti, x akamakulirakulira osalekeza, zotsala pamenepa zikulowera kuti? Limeneli ndi limodzi mwa mafunso amene amakumana ndi aliyense woyamba kalikyulasi, kaya ku Zomba, ku Mzuzu kapena kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo ndi funso limene limagwetsa ngakhale ophunzira ochenjera. Sagwa chifukwa cha ulesi ayi. Amagwa chifukwa cha ganizo limene limamveka lanzeru kwambiri.

Ganizolo limayenda chonchi. x akakhala wamkulu, x² amamusiya kutali zedi x wamba. Pa x wa 1,000, x² ndi miliyoni yathunthu, pamene x ndi 1,000 chabe. Ndiye bwanji osangomutaya x wamng'onoyo? Akatayidwa, m'kati mwa rutu mutsala x² yekha, rutu yake ndi x, ndipo x kuchotsera x ndi ziro. Ena amadula njira kuposa pamenepa: chakumanzere chikupita ku ∞, chakumanja chikupitanso ku ∞, choncho ∞ kuchotsera ∞ ndi ziro. Wophunzira alemba 0 mtima uli m'malo. Koma munda uja wasonyeza kale kuti yankho ndi theka.

Vuto loyamba lili pa chizindikiro cha ∞. Amene anachibweretsa m'masamu ndi John Wallis wa ku Mangalande, m'chaka cha 1655, ndipo kuyambira nthawi imeneyo chakhala chikukopa anthu kuti achiyese nambala. Si nambala. Palibe munda umene mbali yake ndi ∞, ndipo palibe amene angachichotsere kapena kuchigawa monga amachitira ndi 7 kapena 12. Chizindikirochi chimangonena kuti chinthu chikukula popanda poimira. Zinthu ziwiri zikhoza kumakula zonse popanda poimira, mpata wa pakati pawo n'kumachepa, kapena kukhazikika, kapena kumakula nawonso. Kungodziwa kuti zonse zikukula sikuuza munthu kanthu za mpatawo.

N'chifukwa chake a masamu amalankhula za limiti. Akati limiti ya √(x² + x) − x ndi theka, sakunena kuti tsiku lina zotsalazo zidzafika pa theka ndendende. Akunena kuti munthu atchule kuyandikira kulikonse kumene akufuna, ndipo padzapezeka x amene kuyambira pa iye kupita m'tsogolo zotsalazo sizidzatalikiranso theka kuposa pamenepo. Wina akati akufuna kusiyana kusafike milimita imodzi, yankho lilipo: kuyambira pa munda wa mamita 125 kupita m'tsogolo, kusiyanako kuli pansi pa milimita. Akati akufuna gawo lakhumi la milimita, munda ukhale wa mamita 1,250. Kaganizidwe kameneka kanayamba kuikidwa pa maziko olimba ndi Augustin-Louis Cauchy wa ku Falansa, m'buku lake la 1821, ndipo ndi kamene kali pansi pa kalikyulasi yense wophunzitsidwa lero.

Komabe kuyesa manambala atatu kapena anayi si umboni. Ndani angatsimikize kuti zotsalazo sizikhotera kwina x akadutsa biliyoni? Pafunika njira yogwira ma x onse nthawi imodzi, ndipo njirayo imayambira pa kanthu kamene wophunzira wa sekondale amakadziwa kale:

(A − B)(A + B) = A² − B²

Ndi lamulo lomwe lija limene limathandiza kuchotsa rutu pansi pa fulakishoni. Chinthu chokhala ngati A − B chili ndi mnzake, A + B, wosiyana nacho chizindikiro cha pakati chokha, ndipo mnzakeyo amatchedwa konjugeti. Ubwino wake ndi woti ziwirizi zikachulukitsidwa, rutu imasanduka sikweya ya rutu, ndiye kuti rutuyo yachoka.

Pa funso la munda lija, A ndi √(x² + x) ndipo B ndi x. Munthu sangangochulukitsa ndi konjugeti n'kusiyira pomwepo, chifukwa akatero wasintha funso. Ayenera kuchulukitsa nayo n'kugawanso nayo, kumene kuli kofanana ndi kuchulukitsa ndi 1. Pamwamba pakhala (x² + x) − x², ndipo ma x² awiriwo akadyana patsala x yekha. Pansi pakhala konjugeti ija:

√(x² + x) − x = x / (√(x² + x) + x)

Apa m'pofunika kuima pang'ono, chifukwa chinthu chachikulu chachitika. x wamng'ono uja, amene ganizo loyamba linati atayidwe, ndi yekhayo amene watsala pamwamba. Zimphona ziwiri zija zathana zokhazokha, ndipo yankho lonse lili m'manja mwa amene ankaoneka wopanda ntchito. Chinanso, kuchotsera kwatha. Pansi pali kuphatikiza, ndipo kuphatikiza zinthu ziwiri zazikulu sikubisa kanthu.

Ntchito sinathe, pakuti pamwamba pakukula ndipo pansi pakukulanso. Apa m'pamene imalowa njira yachiwiri, yogawa pamwamba ndi pansi pomwe ndi pawa wamkulu wa x wopezeka pansipo. Pawa wamkuluyo ndi x, osati x², ngakhale maso akuona x² m'kati mwa rutu. Chifukwa chake n'chakuti x² wokhala m'kati mwa sikweya rutu amalemera ngati x basi, monga 100 wa m'kati mwa rutu alili 10 akatuluka. Lamulo lomweli limagwiranso polowa: x akamalowa m'kati mwa rutu amalowa ngati x². Tsono kugawa √(x² + x) ndi x ndi chimodzimodzi kugawa za m'katimo ndi x², ndipo zimapereka √(1 + 1/x). Pamwamba, x kugawa ndi x ndi 1. Zonse pamodzi:

1 / (√(1 + 1/x) + 1)

Tsopano palibenso chimene chikuthamangira ku ∞. x akamakula, 1/x akufota kupita ku ziro, rutu ikupita ku 1, pansi pakupita ku 2, ndipo zonse zikupita ku 1/2. Theka lija latuluka popanda kuyesa nambala ndi imodzi yomwe, ndipo latuluka m'njira yosonyeza kuti palibe pokhotera m'tsogolomo.

Pali chithunzi chimene chimaonetsa theka lomweli ndi maso. Munda wa x ndi x + 1 ndi sikweya ya x ndi x, kuwonjezapo kamzere ka mita imodzi m'mbali mwake. Kamzereko kang'ambidwe pakati m'litali mwake, kakhale timizere tiwiri ta theka la mita. Kamodzi katsale pomwepo, kenako kakaikidwe ku mbali yoyandikana nayo. Chimene chapangika ndi pafupifupi sikweya ya mbali x + 1/2, kungoti pa ngodya imodzi pakusowa kabande ka theka la mita ndi theka la mita. Ndi zomwe algebra ikunena: (x + 1/2)² ndi x² + x + 1/4. Kabandeko ndi kota ya sikweya mita nthawi zonse, munda ukule bwanji. Kuti katsekeke, ayenera kushepa pang'ono m'mbali ziwiri zazitali zija, ndipo mbalizo zikatalika, choshepacho chimapyapyala. N'chifukwa chake zotsala zija nthawi zonse zimakhala pansi pa theka pang'ono, ndipo n'chifukwa chakenso sizidzafikapo ndendende. Kudula ndi kusuntha kotereku n'kwakale: al-Khwarizmi anakugwiritsa ntchito ku Baghdad cha m'ma 820 pothetsa x² + 10x = 39.

Chithunzichi chimaperekanso yankho la mafunso onse a mtundu umenewu nthawi imodzi. Kamzere kaja kakakhala ka mamita b, kamang'ambidwa kukhala b/2 mbali iliyonse. Choncho √(x² + bx + c) − x imapita ku b/2, ndipo c, nambala yoima payokha ija, ilibe mawu pa limiti. Amene wagwira zimenezi amadziwa yankho asanalembe mzere woyamba, ndipo konjugeti imangobwera kudzatsimikiza.

Nanga kodi ganizo lotaya chaching'ono lija n'lolakwika nthawi zonse? Ayi ndithu, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Pali mafunso amene kutayako kumagwira bwino lomwe. Mwachitsanzo:

√(9x² + 2) / (2x − 5)

Pano palibe zimphona zimene zikuchotserana. Pali kugawa kokha, ndipo konjugeti siifunika. Kugawa pamwamba ndi pansi ndi x kupereka √(9 + 2/x²) pamwamba ndi 2 − 5/x pansi. Tizidutswa ta 2/x² ndi 5/x tifota, patsala rutu ya 9 kugawa ndi 2, imene ili 3/2. Kuyesa x wa 1,000 kupereka 1.504. Apa 2 ndi 5 anatayika popanda chovuta.

Kusiyana kwa mafunso awiriwa n'kosavuta kukumva. Pogawa, chimene chimawerengedwa n'chakuti cholakwa ndi gawo lanji la chinthu chonse. Theka la mita pa mamita 1,000 ndi kanthu kochepetsetsa, ndipo x akamakula gawolo limapita ku ziro. Pochotsera zinthu ziwiri zofanana msinkhu, mamita 1,000 aja amachoka onse, ndipo theka lija silikhalanso gawo la chinthu chachikulu. Limakhala lokhalokha pabwalo. Zili ngati wogulitsa chimanga amene wapikula thumba pa mtengo wina n'kuligulitsa mokwererako pang'ono: poyerekeza ndi mtengo wa thumba kapamwambako n'kochepa, koma funso likakhala la phindu, kapamwambako ndiye nkhani yonse. Ntchito ya konjugeti ndi kusandutsa funso la kuchotsera kukhala funso la kugawa, kumene kutaya zazing'ono kuli kololedwa.

Wina akhoza kufunsa ngati kugawa kokha sikungathe funso la munda lija. Atayesa kutulutsa x kunja, apeza x(√(1 + 1/x) − 1). Kunja kuli x amene akukula, m'kati muli chinthu chimene chikupita ku ziro, ndipo chachikulu kuchulukitsa ndi chaching'ono chikhoza kubala chilichonse. Wangosuntha vuto osalithetsa. Koma funso likanakhala √(4x² + x) − x, kutulutsa x komweku kukanakwanira, popeza m'kati mukanatsala 2 − 1, ndipo x kuchulukitsa ndi chinthu choyandikira 1 amangokula. Choncho chinthu choyamba kuyang'ana n'chakuti kodi zimphona ziwirizo n'zofanana ndendende. Zikafanana, monga x ndi x kapena 3x ndi √(9x²), konjugeti ndiyofunika. Zikasiyana, chachikulu chimapambana ndipo nkhani yathera pomwepo.

Kuti ∞ kuchotsera ∞ alibe yankho limodzi, zimaoneka bwino pa mafunso atatu ofanana nkhope. Pa √(x² + 1) − x, konjugeti imasiya 1 pamwamba ndi chinthu chokula pansi, ndiye limiti ndi ziro. Pa x wa 100 zotsala ndi 0.005. Funso la munda limapereka theka. Pa √(x⁴ + x³) − x², pamwamba patsala x³ pamene pansi pakulemera ngati 2x², ndiye zotsala zimakula ngati theka la x. Pa x wa 100 zafika kale pa 49.88. Onse atatu, munthu akangoyang'ana mwachangu, ndi chachikulu kuchotsera chachikulu.

Zolakwa zambiri pa mafunso amenewa zimachokera ku chizindikiro cha kuchotsera, ndipo zimabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya mabulaketi. Pa x − √(x² − 6x), konjugeti imapereka pamwamba x² − (x² − 6x). Wochotsa mabulaketi mothamanga alemba −6x, pamene cholondola ndi +6x, popeza kuchotsera chochotsera ndi kuphatikiza. Wothamangayo apeza −3 m'malo mwa 3. Kudzigwira n'kosavuta: x² − 6x ndi wochepera x², ndiye rutu yake ndi yochepera x, ndipo x kuchotsera chinthu chochepera iye sichingakhale pansi pa ziro. Pa x wa 1,000 zotsala ndi 3.0045.

Yachiwiri ndi yobisika kwambiri, ndipo imayenera kupatsidwa nthawi. Anthu ambiri amakula akukhulupirira kuti √(x²) ndi x. Zimenezi n'zoona pokhapokha x asakhale negetivu. x akakhala −5, sikweya yake ndi 25, ndipo rutu ya 25 ndi 5, osati −5, chifukwa chizindikiro cha √ sichitulutsa nambala ya pansi pa ziro. Choncho √(x²) ndi |x|, kukula kwa x osawerengera chizindikiro chake, ndipo x akakhala negetivu, |x| ndi −x. Funso likati x akupita ku −∞, kanthu aka kamatembenuza yankho.

Funso lija la √(9x² + 2) / (2x − 5) likusonyeza bwino. x akhale −1,000. Pamwamba pali rutu, ndiye ndi 3,000 wa pamwamba pa ziro. Pansi pali −2,005. Zogawazo ndi −1.496, kutanthauza kuti limiti ya mbali imeneyi ndi −3/2. Wophunzira amene angobwereza mizere ya poyamba, kulowetsa x m'kati mwa rutu ngati x² osaganiza, apezanso 3/2, ndipo pa pepala lake sipaoneka cholakwa chilichonse. Cholakwacho chili pa kulowetsako. x wa negetivu sangalowe m'kati mwa rutu ndi chizindikiro chake, chizindikirocho chimatsala kunja, ndiye rutu kugawa ndi x imakhala −√(9 + 2/x²). Pa gilafu, mzere wopindika wa funso limeneli umagonera pa 1.5 kumanja ndi pa −1.5 kumanzere. Fulakishoni ya mapawa okhaokha a x, yopanda rutu, siingachite zimenezi, pakuti ikakhala ndi mzere wogonera umakhala umodzi mbali zonse ziwiri.

Chizindikiro chomwechi chimasinthanso funso lofunika konjugeti. Ku mbali ya −∞, √(x² + x) − x alibe vuto, chifukwa kuchotsera x wa negetivu ndi kuphatikiza, ndipo zonse zimangokula. Amene ali ndi kuchotsera kobisika ndi √(x² + x) + x. Pa x wa −100, rutu ya 9,900 ndi 99.4987, ndipo kuphatikiza −100 kupereka −0.5013. Limiti yake ndi −1/2. Njira yotetezeka imene aphunzitsi ambiri amalangiza ndi kulemba x = −t, kumene t ndi nambala ya pamwamba pa ziro imene ikukula. Funsolo lisanduka √(t² − t) − t, ndipo tsopano chilichonse chili poyera: b ndi −1, theka lake ndi −1/2. Mzere umodzi wowonjezerawo ndi wotsika mtengo kuposa kusunga chizindikiro m'mutu mizere isanu.

Amene anapitirirako ndi kalikyulasi nthawi zina amathamangira lamulo la L'Hôpital, lotchedwa dzina la mlembi wa buku la 1696, limene limathandiza pamene pamwamba ndi pansi zonse zikukula. Pa ma rutu lamuloli likhoza kuzungulira pamodzimodzi. Pa √(x² + 1) / x limabala x / √(x² + 1), ndipo likagwiritsidwanso ntchito limabwezera munthu pomwe anayambira. Kugawa ndi x kumathetsa funso lomwelo mumzere umodzi.

Kuyesa manambala ndi chizolowezi chabwino, ndipo zolakwa zonse zatchulidwazi zimagwidwa nako m'masekondi ochepa. Koma kakyuleta nayo ili ndi polekezera, ndipo imagwa pa malo omwewo pamene wophunzira uja anagwera. Kakyuleta ya kusukulu, ngakhalenso pulogalamu wamba ya pa kompyuta, imasunga madijiti pafupifupi 15 kapena 16 a nambala iliyonse. Munthu akaipatsa x wa 10²⁰, ndiye kuti 1 wotsatidwa ndi maziro 20, x² amakhala wa maziro 40. Kuphatikizapo x kumafuna kusunga madijiti oposa 20, ndipo makinawo alibe malo otero. Amangomutaya x. Rutu ituluka 10²⁰, kuchotsera 10²⁰, ndipo pa sikirini paoneka 0. Wophunzira amene anapeza theka molondola akhoza kufufuta yankho lake chifukwa chokhulupirira makina.

Chizindikiro chakuti makina ayamba kusochera chimaoneka ziro asanafike. Munthu akamakweza x pang'onopang'ono, mayankho amene amayandikira theka mwadongosolo amayamba kutaya madijiti a kumapeto, kenaka n'kugwera pa ziro mwadzidzidzi. Limiti yeniyeni sichita modzidzimutsa chotero. Nzeru ndi kuyesa ndi 100, 1,000 ndi 10,000 basi. Ndipo munthu akaipatsa kakyuleta yomweyo mtundu wa konjugeti uja, 1 / (√(1 + 1/x) + 1), ndi x wa 10²⁰ yemweyo, imayankha 0.5. Pa pepala mitundu iwiriyi ndi chinthu chimodzi, koma m'makina umodzi umasunga yankho, winawo umaliwononga. Olemba mapulogalamu a zoyezayeza amasandutsa kuchotsera kwa ma rutu kukhala kugawa pa chifukwa chomwechi.

Kunja kwa kalasi, masamu amenewa amapezeka paliponse pamene anthu akuyerekeza mitunda iwiri yaitali. Pakhale milongoti iwiri. Wachiwiri uli mamita 30 kum'mawa kwa woyamba ndi mamita 40 kumpoto, ndiye pakati pawo pali mamita 50. Munthu achoke pa mlongoti woyamba n'kulunjika kumadzulo mtunda wa x. Mtunda wake kufika pa mlongoti wachiwiri, potsata lamulo la Pythagoras, ndi √((x + 30)² + 40²), imene ili √(x² + 60x + 2500). Kusiyana kwa mitunda iwiriyi ndi funso lomwe lija, b ali 60. Asanasunthe, kusiyanako ndi mamita 50. Atayenda kilomita imodzi ndi 30.78, ndipo atayenda makilomita 10 ndi 30.08. Limiti ndi 30. Mamita 40 a chammbali aja amazimiririka, ndipo chotsala ndi gawo lokhalo la mpata limene laloza kumene munthuyo ali.

Mfundo imeneyi ikatembenuzidwa imakhala chida. Amene akudziwa mpata wa milongoti yake, nayeza kusiyana kwa mitunda, akhoza kudziwa mbali imene chinthu chakutali chili popanda kudziwa kutalika kwake. Umu ndi mmene amagwirira ntchito makina omvetsera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, monga MeerKAT ya ku Karoo m'dziko la South Africa, imene inatsegulidwa mu 2018 ili ndi madishi 64. Funde lochokera ku nyenyezi limafika pa dishi ina msanga kuposa pa inzake. Kusiyana kwa mamita 30 kumachedwetsa fundelo ndi gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a sekondi, ndipo makompyuta amawerengera kuchedwa kumeneko asanaphatikize zimene madishi amva. Nyenyezi ili kutali kwambiri moti palibe amene amawerengera ma rutu awiri n'kuwachotsera. Amagwiritsa ntchito limitiyo mwachindunji.

Konjugeti ya kutembenuza chizindikiro ili ndi pothera pake. Imagwira pa sikweya rutu chifukwa imabala masikweya. Pa kyubu rutu, monga ∛(x³ + x²) − x, kuchulukitsa ndi A + B kumangobala sikweya ya kyubu rutu, ndipo rutuyo imakhalabe. Pamenepa pamafunika lamulo la ma kyubu:

A³ − B³ = (A − B)(A² + AB + B²)

Chochulukitsira tsopano chili ndi zigawo zitatu m'malo mwa ziwiri. Pamwamba, x³ + x² kuchotsera x³ kusiya x². Pansi, chigawo chilichonse mwa zitatuzo chimalemera ngati x², ndiye pawa wogawira ndi x². Zikagawidwa, pamwamba patsala 1, pansi pakupita ku 1 + 1 + 1, ndipo limiti ndi 1/3. Pa x wa 100, kyubu rutu ya 1,010,000 ndi 100.3322.